Chithunzi si umboni: kutsimikiza funso la seko lojambulidwa pa foni

Mayeso a MSCE akamayandikira, mafoni a aphunzitsi a masamu sapuma. A achimwene ndi azakhali amene ankakhoza masamu kale nawonso sapuma. Mwana amajambula tsamba la buku n'kutumiza pa WhatsApp ndi mawu awiri okha: "Ndithandizeni apa." Mukatsegula mumapeza seko, mizere iwiri kapena itatu, zilembo m'mbali, ndipo pansi pake palembedwa kuti tsimikizani zakutizakuti. Ambiri timayamba ndi kuyang'anitsitsa chithunzicho, kuchikulitsa ndi zala, n'kumati mzere uwu ukuoneka wofanana ndi uwo, ngodya iyi ikuoneka ya madigiri 90. Mawu akuti "ikuoneka" ndiwo amagwetsa ana ambiri pa mafunso a mtundu umenewu.

Kutsimikiza chinthu pa jometiri kuli ngati mlandu wa pabwalo la amfumu. Mawu alionse amene mwanena amafuna mboni, ndipo mboniyo iyenera kutchulidwa dzina. Mboni zake ndi za mitundu iwiri basi: zimene funso lakupatsani, ndi mathiyoremu, omwe ndi malamulo a masamu amene anatsimikizidwa kale. Chithunzi chimangokuthandizani kuona kumene nkhani ikulowera. Pachokha sichingaime pabwalo.

Titenge funso limodzi lodziwika bwino, tiliyende kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ndi bwino mutenge pepala ndi pensulo, chifukwa jometiri yongowerenga siilowa m'mutu. Jambulani seko, pakati pake muikepo dontho O. Kunja kwa sekoyo ikani dontho P. Kuchokera pa P kokani mzere wongokhudza seko pamalo amodzi osalowa mkati. Mzere wotere ndi tanjenti, ndipo pamene wakhudzapo lembanipo T. Kuchokeranso pa P pomwepo kokani mzere wachiwiri wolowa m'seko pa A n'kukatulukira pa B. Funso likuti, tsimikizani kuti

PT² = PA × PB

ndipo mutchule thiyoremu iliyonse imene mwagwiritsa ntchito. M'mawu wamba, utali wa tanjenti mukauchulukitsa ndi womwewo, yankho lake n'chimodzimodzi ndi kuchulukitsa mtunda wa P kufika pa A ndi mtunda wa P kufika pa B.

Zimene kamera imasunga ndi zimene imawononga

Ntchito yoyamba si kuganiza za yankho, koma kujambulanso chithunzicho ndi dzanja lanu. Munthu akamajambula tsamba pa foni, kawirikawiri foniyo imakhala yopendekeka. Zikatero seko imatuluka yophwatalala, mizere iwiri yofanana utali imasiyana, ndipo ngodya ya madigiri 90 itha kuoneka yopapatiza kapena yotambasuka. Amene aika rula kapena choyezera ngodya pagalasi la foni akuyeza kupendekeka kwa dzanja la wojambula, osati jometiri ya funsolo. Ndipotu ngakhale m'buku lenilenilo, zithunzi zambiri sizijambulidwa motsata miyezo yeniyeni.

Pali zina zimene kupendekekako sikusintha, ndipo izi mukhoza kuziwerenga pachithunzi mtima uli m'malo. Ngati pepala linali lathyathyathya, mzere woongoka umakhalabe woongoka. Madontho amene anali pamzere umodzi amakhalabe pamzere umodzi, ndipo dongosolo lake silisintha. A ngati anali pakati pa P ndi B, amakhalabe pakati pomwepo. Dontho limene linali kunja kwa seko sililowa mkati. Choncho pachithunzi timatengapo malo a zinthu, chiti chili pakati pa ziti, chiti chili mbali iti. Kukula kwa ngodya ndi utali wa mizere sititenga pamenepo, pokhapokha ngati zalembedwa m'mawu kapena zaikidwa chizindikiro, monga kabokosi kakang'ono kamene kamaikidwa pangodya ya madigiri 90, kapena timizere tiwiri todula mbali zofanana.

Tsamba la pafupi ndi msana wa buku lalikulu limapindika, ndipo pamenepo ngakhale mzere woongoka umaoneka wokhota. Zilembonso zimasokoneza chithunzi chikakhala cha mbuu. O ndi D zimafanana, P ndi R chimodzimodzi, B amaoneka ngati 8. Mankhwala ake ndi kuwerenga mawu a funso ndi kuona ngati chilembo chilichonse chotchulidwa m'mawumo mwachipeza pachithunzi. Ngati wojambula anadula mawu a pamwamba n'kungotumiza chithunzi chokha, muuzeni ajambulenso tsamba lonse. Mawu akuti PT ndi tanjenti ndiwo maziko a umboni wonse umene ukubwerawu, ndipo diso silingasiyanitse tanjenti yeniyeni ndi mzere umene walowa m'seko pang'ono chabe.

Mukatha kujambula, lembani pamwamba zimene mwapatsidwa: PT ndi tanjenti pa T, ndipo P, A ndi B ali pamzere umodzi woongoka, A ndi B ali pa seko. Zatha pomwepa. Onani kuti palibe paliponse pamene panenedwa kuti mzere PAB ukudutsa pa O.

Umboni wokongola koma woperewera

Apa ndi pamene mwana wanzeru amakodwa. M'zithunzi zambiri mzere PAB umadutsa pafupi kwambiri ndi O, ndipo pa foni umaoneka ngati wadutsa pomwepo. Mwanayo amati, zaphweka. Amalumikiza O ndi T. Amakumbukira kuti tanjenti ndi rediyasi zimakumana pangodya ya madigiri 90, choncho thirayango OTP ili ndi ngodya yotero pa T. Amaitana Pythagoras, n'kulemba

PT² = PO² − OT²

Rediyasi akaitcha r, mbali ya kumanja imakhala (PO − r) × (PO + r). Tsono mzere ukadutsa pa O, PO − r ndiye PA, ndipo PO + r ndiye PB. Yankho latuluka, mizere inayi yokha.

Ndimaukonda umboni umenewu chifukwa ndi waukhondo, ndipo mathiyoremu awiri amene watchula ndi oona. Koma wayankha funso lina, osati limene linafunsidwa. Mzere womaliza uja waima pa mfundo imene palibe anaipereka. Mukapendeketsa mzere PAB pang'ono kuti uphonye O, PA sakhalanso PO − r, ndipo zonse zimagwa. Mwanayo watsimikiza za mzere umodzi wokha, pamene funso likunena za mzere uliwonse wochokera pa P wodula seko.

Njira yodziwira ngati mwabera chithunzi mosazindikira ndi yosavuta. Jambulani chithunzi china chokwaniritsa zonse zimene mwapatsidwa koma chooneka mosiyana kwambiri ndi choyambacho. Seko ikhale yaikulu, P akhale pafupi, mzere PAB udutse kutali ndi O, cha m'mphepete. Kenako werengani umboni wanu mzere ndi mzere mukuyang'ana chithunzi chatsopanocho. Mzere umene wasanduka bodza ndi umene unalibe thiyoremu. Euclid, amene anasonkhanitsa jometiri imeneyi m'mabuku 13 mumzinda wa Alesandriya ku Ejipito cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, anaiona mbuna imeneyi. Funso lathuli ndi mfundo ya nambala 36 m'buku lake lachitatu, ndipo analigawa pawiri: choyamba mzere wodutsa pakati pa seko, kenako mzere wosadutsa pakati.

Umboni wokwanira

Tibwerere ku zimene akufuna. PT × PT = PA × PB tikhoza kuilembanso motere:

PT/PB = PA/PT

Mukaona magawo awiri a mizere akufanana chotere, dziwani kuti penapake pabisala mathirayango awiri ofanana maonekedwe, ina yaing'ono ina yaikulu. Kuganiza chobwerera m'mbuyo kotereku n'kololedwa pa pepala loyeserera, ndipo ndi mmene anthu odziwa masamu amapezera njira. Polemba umboni weniweni ndi pamene timayambira pa zopatsidwa kupita kutsogolo. Pachithunzi chathu mathirayangowo palibe, ndiye tiwapange: lumikizani T ndi A, komanso T ndi B. Lembani kuti mwaonjezera mizere imeneyi, kuti wowerenga asadabwe kumene yachokera. Tsopano pali thirayango yaing'ono PTA ndi yaikulu PBT.

Ngodya ya pa P ili m'mathirayango onse awiri. Ngodya TPA ndi ngodya BPT ndi chinthu chimodzi, chifukwa A ndi B ali pamzere umodzi wochokera pa P. Apa sipafunika thiyoremu, chifukwa chake mungolemba kuti ndi ngodya ya onse.

Mtima wa umboniwu uli pa ngodya yachiwiri. Mzere TA ndi khodi, kutanthauza mzere wolumikiza madontho awiri a pa seko. Khodi imeneyi yagawa seko m'zigawo ziwiri. Pali thiyoremu imene imati ngodya ya pakati pa tanjenti ndi khodi ndi yofanana ndi ngodya imene khodiyo imapanga m'chigawo cha tsidya lina. Ngodya ya pakati pa tanjenti TP ndi khodi TA ndi PTA. Tsidya lina la khodiyo kuli B, ndipo mukaima pa B n'kuyang'ana T ndi A mumapanga ngodya TBA. Choncho ngodya PTA ndi yofanana ndi ngodya TBA, yomwenso ndi PBT, ndipo chifukwa chake ndi thiyoremu ya chigawo cha tsidya lina. Kwa Euclid iyi ndi mfundo ya 32 m'buku lachitatu lomwelo.

Ngodya ziwiri zikafanana, yachitatu ilibe kothawira, popeza ngodya zitatu za thirayango iliyonse zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Motero ngodya TAP ndi yofanana ndi ngodya BTP. Mathirayango amene ngodya zawo zonse n'zofanana amakhala ofanana maonekedwe, ndipo thiyoremu yomaliza imati mbali zawo zoyang'anizana ndi ngodya zofananazo zimakula pa mlingo umodzi.

Ndachedwa dala pa mawu akuti zoyang'anizana ndi ngodya zofanana, chifukwa ana ambiri amafika mpaka apa bwinobwino kenako n'kusokoneza mbali. Thirayango yaikuluyi siinangokula, inatembenukanso, ndiye diso silithandiza. Chothandiza ndi dongosolo la zilembo. P wa yaing'ono akugwirizana ndi P wa yaikulu. T wa yaing'ono akugwirizana ndi B, chifukwa ndi pamene pali ngodya zofanana zija. A akugwirizana ndi T. N'chifukwa chake timalemba PTA ndi PBT, osati PTA ndi PTB. Mukalemba mayinawo limodzi pamwamba pa linzake, mbali zimadzitola zokha: chilembo choyamba ndi chachiwiri zikupereka PT ndi PB, choyamba ndi chachitatu zikupereka PA ndi PT. Umboni wonse pa pepala umaoneka chonchi:

∠TPA = ∠BPT (ngodya ya onse)
∠PTA = ∠PBT (chigawo cha tsidya lina)
∠TAP = ∠BTP (ngodya za thirayango ndi 180°)
ΔPTA ndi ΔPBT n'zofanana maonekedwe (ngodya zonse n'zofanana)
PT/PB = PA/PT (mbali zogwirizana)
PT² = PA × PB

Onani kuti O sanatchulidwe ngakhale kamodzi. Ichi ndicho chikusonyeza kuti umboniwu ukugwira pa mzere uliwonse, wodutsa pakati ndi wosadutsa womwe.

Wina angafunse kuti, nanga thiyoremu ya chigawo cha tsidya lina ija tikuikhulupirira chifukwa chiyani? Funso labwino, ndipo nthawi zina ndi limene limabwera pamayeso palokha. Kuchokera pa T kokani dayamita yodutsa pa O kukafika pa dontho D, ndipo mulumikize D ndi A. Ngodya PTA muitche x. Ngodya PTD ndi madigiri 90, chifukwa tanjenti ndi rediyasi zimakumana motero, choncho ngodya ATD ndi 90 − x. Ngodya TAD nayonso ndi madigiri 90, chifukwa ndi ngodya ya m'theka la seko, thiyoremu imene imatchedwa ndi dzina la Thales wa ku Mileto, amene anakhalako zaka pafupifupi 300 Euclid asanalembe. M'thirayango TAD mwatsala ngodya ya pa D yokha, ndipo kuti zonse zikwane 180 iyenera kukhala x. Pomaliza, D ndi B onse ali mbali imodzi ya khodi TA, ndipo ngodya za m'chigawo chimodzi n'zofanana. Ndiye ngodya ya pa B nayonso ndi x. Mathiyoremu anayi anyamula imodzi. Ngati funso silinakuuzeni kuti mutsimikize imeneyi, kuitchula dzina n'kokwanira.

Mwaona kuti pamzere womalizawo tawerenga pachithunzi kuti B ndi D ali mbali imodzi ya TA. Izi ndi za malo, osati za kukula, choncho n'zololedwa. Komabe n'chifukwa chakenso chithunzi chanu chiyenera kukhala chachikulu ndi chojambulidwa mosamala. B akanakhala mbali inayo, ngodya ziwirizo sizikanafanana, zikanakhala zokwana 180 pamodzi, ndipo thiyoremu yake ikanakhala ina. Pali chinyengo china chotchuka m'masamu chimene chimaoneka ngati chikutsimikiza kuti thirayango iliyonse ili ndi mbali ziwiri zofanana. Mizere yake yonse ili ndi mathiyoremu oona, koma dontho lofunika linaikidwa mkati mwa thirayango pamene malo ake enieni ndi kunja. Kachithunzi kakang'ono kothinana pakona ya pepala kamabisa zolakwa zotere.

Tiikepo manambala. PA akhale masentimita 4, AB akhale 5. Cholakwa chofala apa ndi kuchulukitsa 4 ndi 5 n'kupeza 20, ngati kuti thiyoremu ikunena za chidutswa chakunja ndi chidutswa chamkati. Ayi, mitunda yonse iwiri imayambira pa P. PB ndi 4 kuphatikiza 5, yomwe ndi 9. Tsono 4 × 9 ndi 36, ndipo PT ndi masentimita 6. Tingayese yankholi ndi njira ya mwana uja, pomwe mzere wadutsadi pa O. AB amakhala dayamita, rediyasi ndi 2.5, PO ndi 6.5. Pythagoras akupereka 42.25 − 6.25, yomwe ndi 36. Zagwirizana. Chodabwitsa n'chakuti mutajambula seko ina yaikulu kwambiri yodutsa pa A ndi B pomwepo, tanjenti yochokera pa P idzakhalabe masentimita 6. Umboni wachidule uja sukanatiuza zimenezi. Koma kumbukirani kuti kuyesa ndi manambala kumangokuchenjezani mukalakwa, sikulowa m'malo mwa umboni.

Mfundo imeneyi siithera m'kope. Mukaima m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, maso anu ali mamita 2 pamwamba pa madzi, inuyo ndinu P, dziko ndi seko, ndipo kumene madzi akuoneka kuti akumana ndi thambo ndi T. PA ndi makilomita 0.002, PB ndi pafupifupi makilomita 12,742, omwe ndi dayamita ya dziko. Mukachulukitsa mumapeza pafupifupi 25, ndiye kuti madzi amene mukuwaona akuthera pa makilomita 5 okha. Mpweya umapinda kuwala pang'ono n'kuonjezerako kamtunda. Mapiri a tsidya lija amaoneka chifukwa ndi aatali, koma gombe lake lenileni limabisika.

Ena amati kulemba mayina a mathiyoremu m'mbalimu ndi mwambo chabe wosangalatsa ochonga mayeso. Sindigwirizana nawo. Dzina la thiyoremu limabwera ndi zofunika zake, ndipo mukalilemba mumakakamizika kufunsa ngati zofunikazo zilipo. Mukalemba "ngodya ya m'theka la seko", muyenera kuloza dayamita, ndipo dayamitayo ikhale yoperekedwa kapena yojambula nokha. Mwana amene walemba kuti ngodya ATB ndi madigiri 90 pa funso lathuli amagwidwa pomwepo, chifukwa palibe ananena kuti AB ndi dayamita. Mukalemba "chigawo cha tsidya lina", muyenera kuloza tanjenti ndi khodi zokumana pa dontho limodzi. Mukalemba Pythagoras, ngodya ya madigiri 90 ikhale itatsimikizidwa kale m'mwambamo. Ndipo samalani ndi kusinthanitsa thiyoremu ndi chobwerera chake. Kunena kuti tanjenti imapanga ngodya ya 90 ndi rediyasi ndi mfundo ina, kunena kuti mzere wopanga ngodya ya 90 kumapeto a rediyasi ndi tanjenti ndi inanso. Zonse ndi zoona, koma yoyamba imafuna kuti tanjenti ikhale yoperekedwa, yachiwiri ndi imene mumaitana akakuuzani kuti musonyeze kuti mzere wakuti ndi tanjenti. Zifukwa monga "zikuoneka pachithunzi" kapena "n'zodziwikiratu" sizilowa m'mabulaketi amenewa.

Cholakwa chomaliza ndi kuyamba ndi chimene mukufuna kutsimikiza. Wina amalemba PT² = PA × PB pamzere woyamba, n'kutsika nayo mpaka kupeza mfundo yoona, n'kuganiza kuti wamaliza. Watenga yankho kukhala chopatsidwa. Chimene mukutsimikiza malo ake ndi pamzere womaliza.

Tsopano yesani nokha funso lachibale ndi limeneli, lomwe kwa Euclid ndi la nambala 35. Dontho P muliike mkati mwa seko, makhodi awiri AB ndi CD adutsane pamenepo, ndipo mutsimikize kuti PA × PB = PC × PD. Lumikizani A ndi C, komanso D ndi B. Mudzafuna ngodya zoyang'anizana pamene mizere iwiri yadutsana, ngodya za m'chigawo chimodzi, ndi mathirayango ofanana maonekedwe. Musaike P pa O, ndipo makhodiwo asafanane utali. Mukamaliza, yesani ndi PA wa masentimita 3, PB wa 8 ndi PC wa 4. PD ayenera kutuluka 6.